Kodi yanga yaima pa 10 pomwe yankho ndi 0: kutsika ndi giradiyenti

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni asainimenti ya masamu, ikufunika Lachisanu. Atipatsa `f(x, y) = x² + 10y²`, akuti tiyambire pa `(10, 1)` n'kupeza pamene f ili yochepetsetsa potsika ndi giradiyenti. Ngakhale ndi maso zikuoneka kuti yankho ndi `(0, 0)` ndipo f ikhale 0. Koma kodi yanga ikuima f ili pa 10, n'kunena kuti yamaliza. Giradiyenti ndaipeza bwinobwino, `(2x, 20y)`. Ndiye vuto lili pati?

Tadala: Alufa, nambala ya kukula kwa sitepe ija, waika zingati? Ndipo wauza lupu kuti iziima pakachitika chiyani?

Chisomo: `alpha = 0.1`. Iziima f ikasintha ndi zosakwana 0.001 kuchoka pa sitepe ina kufika pa inzake. Ikuyenda masitepe ngati 25 basi n'kuima.

Mayi Nyirenda: Ana inu, bwanji mukuzungulira chonchi? Ikani `2x = 0` ndi `20y = 0`, mwapeza x ndi 0, y ndi 0. Ana anga a Fomu 4 kuno ku Ndirande amapeza pansi pa parabola popanda kompyuta.

Chisomo: Zoona Madamu, koma funso likufuna njira yobwerezabwerezayo. Akuti tiphunzirire pa fankishoni yomwe yankho lake tikulidziwa kale, kuti tidzaigwiritse ntchito pomwe ma ikweshoniwo sangathetseke pa pepala.

Tadala: Chepetsa alufa basi mwana. Ika 0.001. Alufa yaing'ono siphonya, imangochedwa. Ine chaka chatha ndinkangotero ndipo zinkatheka.

aMbewe: Ndangolowa kumene m'nyumba, ku Ginnery Corner kunali mzere wa magalimoto. Chisomo, usanasinthe kalikonse, sindikiza x ndi y pa sitepe iliyonse, osati f yokha. Tiuze y ikuchita chiyani.

Chisomo: Iii. x ikutsika bwino: 10, 8, 6.4, 5.12 kumapita choncho. Koma y ikungoti 1, -1, 1, -1 mpaka kumapeto!

aMbewe: Eya, ndi pamenepo. Tiyeni tiwerenge pa pepala, chifukwa fankishoni iyi ndi yabwino, x ndi y sizisokonezana. Sitepe iliyonse imachita izi:

```
x_new = x - alpha*2*x  = (1 - 2*alpha)*x
y_new = y - alpha*20*y = (1 - 20*alpha)*y
```

Ndiye kuti x ikungochulukitsidwa ndi nambala imodzimodzi nthawi zonse, y nayo ndi nambala yakeyake. Pa alufa ya 0.1, x ikuchulukitsidwa ndi 0.8, n'chifukwa chake ukuona 10, 8, 6.4. Koma y ikuchulukitsidwa ndi 1 kuchotsa 2, yomwe ndi -1. Ikudumpha chigwa chonse n'kukatera tsidya linalo pa msinkhu womwewo, kenako n'kubwerera. Ndipo popeza `10y²` ndi 10 kaya y ndi 1 kapena -1, f siikuona n'komwe kuti y ikudumphadumpha. x ikatha, f imangokhala duu pa 10, lamulo lako loimitsira n'kuganiza kuti mwafika.

Mavuto ndi awiri, si limodzi. Sitepe yakula mpaka pa malire enieni, komanso lamulo loimitsira likukunamiza.

Chisomo: Ndiye ndinangoponda pa malire penipeni? Ndikanaika 0.12 zikanatani?

aMbewe: Yesa, utiuze f ya masitepe anayi oyamba. Ndikufuna uone wekha.

Chisomo: 110, kenako 77.36, kenako 71.78, kenako 94.57, kenako 158.71. Yayamba kutsika kenako n'kumakwera. Nditaisiya yafika pa `inf`, pamapeto pake `nan`.

aMbewe: Chenjera nacho chimenecho. Masitepe awiri oyamba akuoneka ngati zonse zili bwino, chifukwa x ndi yaikulu ndipo kutsika kwake kukubisa zomwe y ikuchita. Koma y ikuchulukitsidwa ndi -1.4, ndiye ikupita 1, -1.4, 1.96, -2.74, 3.84. Munthu woyang'ana masitepe awiri okha n'kupita kukaphika nsima adzapeza `nan` pobwera. Chizindikiro cha sitepe yokula mopitirira n'chimenechi: nambala imodzi ikusinthasintha pakati pa pulasi ndi mainasi, ndipo siikuchepa.

Kuti nambala yochulukitsirayo ichepetse y, iyenera kukhala pakati pa -1 ndi 1. Ndiye `20*alpha` ikhale yochepera 2, kutanthauza alufa yochepera 0.1. Mbali ya x ikanalola mpaka alufa ya 1, koma sitepe ndi imodzi ya onse awiri, choncho mbali yopindika kwambiri ndi imene imalamula. Lamulo lake pa fankishoni za mtundu uwu: tenga kupindika kwakukulu, komwe kuno ndi 20, alufa ichepere 2 kugawa ndi nambala imeneyo.

Tadala: Ndiye ndinanena zoonatu achimwene. 0.001 ili kutali ndi 0.1, singadumphe.

aMbewe: Pa kudumpha wanena zoona. Koma Chisomo, ika 0.001 ya Tadala, lamulo loimitsira ulisiye momwe lilili.

Chisomo: Yayenda masitepe pafupifupi 1,500. Yaima x ili cha pa 0.5, y ndi kanambala kakang'ono kwambiri. f ili cha pa 0.25. Sinafikebe pa 0.

Tadala: Aaa, zatheka bwanji? Siinadumphetu.

aMbewe: Siinadumphe, yaimitsidwa panjira. Ndi alufa imeneyo x ikuchulukitsidwa ndi 0.998 pa sitepe, ndiye `x²` ikutsika ndi magawo anayi okha pa 1,000 aliwonse. x ikafika pa 0.5, f ndi 0.25, ndipo magawo anayi pa 1,000 a 0.25 ndi 0.001 ndendende. Pamenepo lamulo lija likuti f yasiya kusintha. Koma f siinasiye kusintha chifukwa wafika pansi, yachepa kusintha chifukwa iweyo wachepetsa phazi. Ukaika 0.0001 iima kutali kuposa pamenepa.

Ganizani mukutsika phiri la Soche tsiku la chiperoni, chifunga chili bii, mukungoona pomwe mwaponda. Mukafuna kudziwa ngati mwafika m'chigwa, simufunsa kuti ndatsika mamita angati pa phazi lapitali, chifukwa woyenda monyang'ama amatsika pang'ono ngakhale ali pakati pa phiri. Mumamva ndi mapazi ngati nthaka idakali yopendekeka. Kupendekekako ndiye giradiyenti. Chisomo, werenga kutalika kwa giradiyenti pa malo awiri amene kodi yako inaima.

Chisomo: Pa 0.001 paja giradiyenti ndi `(1, 0)` pafupifupi, kutalika kwake 1. Pa 0.1 paja ndi 20 yathunthu chifukwa cha y. Ndiye kodi inkati yamaliza giradiyenti ili 20!

aMbewe: Basi. Uziimitsa ndi kutalika kwa giradiyenti, chifukwa sikudalira alufa yomwe wasankha. Uikenso malire a masitepe kuti lupu isayende mpaka mawa, ndipo ikatha uzisindikiza kuti yaima chifukwa chiti mwa ziwirizi.

```python
x, y = 10.0, 1.0
alpha = 0.05
for k in range(10000):
    gx, gy = 2*x, 20*y
    if (gx*gx + gy*gy)**0.5 < 1e-6:
        break
    x, y = x - alpha*gx, y - alpha*gy
print(k, x, y)
```

Ikasindikiza `k` ili 9999, dziwa kuti masitepe anangotha, sunafike. Anthu ambiri amakopera x ndi y yomalizayo n'kulemba kuti ndi yankho, osayang'ana `k`.

Chisomo: Magetsi anathima kuno ku Chitawira, ndabwerera tsopano. Ndayesa. Pa 0.05 yatenga masitepe 160. Chodabwitsa n'chakuti y yafika pa 0 sitepe yoyamba yomweyo. Pa 0.1 yafika pa 9999 ngati mmene munanenera, siinanamenso kuti yamaliza.

Tadala: Ndiye 0.05 ndiye yabwino kuposa zonse? Poti y yatha kamodzi n'kamodzi.

aMbewe: y yatha chifukwa `1 - 20*0.05` ndi 0. Koma x ikuchulukitsidwa ndi 0.9, ndipo ulendo umatha wochedwayo akafika. Ukakweza alufa kupitirira 0.05, x ifulumira, y iyamba kudumphira tsidya koma ikuchepabe. Malo abwino ndi pomwe awiriwa akuchepa mofanana: `1 - 2*alpha = 20*alpha - 1`, zomwe zikupereka `alpha = 2/22`, cha pa 0.0909. Pamenepo onse akuchepa ndi 9/11 pa sitepe, cha pa 0.82.

Taonani kuyandikana kwake. Alufa yothamanga kwambiri ndi 0.0909, yosafika n'komwe ndi 0.1. Kusiyana kwake n'kochepa zedi. N'chifukwa chake pa ntchito yeniyeni, pomwe kupindikako sukukudziwa bwino, sibwino kufinyira kufupi ndi malire.

Chisomo: Ndaika `1/11`, yatenga 86. Koma ndayesanso 0.09 yatenga 85. Ndiye yabwino kuposa zonse ija yagonja ndi sitepe imodzi?

aMbewe: Waona bwino, ndipo ulembe zimenezo mu lipoti lako. `1/11` ndi imene imapatsa liwiro labwino ukayenda ulendo wautali kuchokera paliponse. Pa 0.09, x ikuchepa ndi 0.82 ndipo y ndi 0.8, ndiye y ikutha msanga, pomaliza giradiyenti yatsala ya x yokha. Pa `1/11` onse awiri akukhalapo mpaka kumapeto, ndiye kutalika kwa giradiyenti kukuphatikiza zonse ziwiri. Ukachepetsa malire aja kufika `1e-15`, `1/11` ipambana. Koma 85 ndi 86 si nkhani. Nkhani ndi 86 kuyerekeza ndi 160, kapena ndi masauzande angapo amene 0.001 ingafune.

Yamikani: Pepani ndilowererepo, nkhaniyi yandikhudza. Ine ndimasunga mabuku a kampani ina ya malole ku Limbe. Ndili ndi maulendo ambiri mu Excel, makilomita ndi ndalama za dizilo zomwe zinapita. Ndinkafuna mzere woti `mtengo = a + b*km`, ndiye ndinalemba kodi yochepetsa avereji ya masikweya a zophonya. Zosadziwika ndi ziwiri basi, a ndi b. Ndinaika 0.01, pasanathe sekondi `nan`. Ndinaika 0.00001, b inakhazikika msanga koma a inkangokwawa, ndinatopa nazo. Ndi matenda omwewa?

aMbewe: Omwewo, koma ako ndi aakulu. Kwa Chisomo mbali ina yapindika kakhumi kuposa inzake. Kwa iwe, kupindika kwa mbali ya b ndi 2 kuchulukitsa ndi avereji ya `km²`. Tinene kuti maulendo ako ambiri ali cha pa makilomita 200: ndiye 2 kuchulukitsa ndi 40,000, yomwe ndi 80,000. Malire a alufa ndi 2 kugawa ndi 80,000, kapena kuti 0.000025. 0.01 yako inapitirira malire maulendo 400. Pomwe mbali ya a kupindika kwake sikupitirira 2, ndiye ndi alufa ya 0.00001 ingoyenda ngati nkhono. Palibe alufa imodzi imene ingasangalatse onse awiri.

Mankhwala ake si kusakasaka alufa. Sintha miyezo. Pa kilomita iliyonse chotsa avereji ya makilomita onse, ugawe ndi `std` yake. Ukatero mbali zonse ziwiri zipindika mofanana, 2 ndi 2, ndipo alufa ya 0.5 ikufikitsa pa yankho ndi sitepe imodzi. Pomaliza uzabweze a ndi b ku makilomita enieni, usaiwale. Ngakhale ya Chisomo, ukatcha `u = sqrt(10)*y` imasanduka `x² + u²`, ndipo 0.5 imamaliza kamodzi.

Mayi Nyirenda: Koma a Yamikani, mzere ngati umenewo uli ndi fomula yake. Mu Excel momwemo muli `SLOPE` ndi `INTERCEPT`. Mukuvutikiranji?

aMbewe: Apa Madamu anena zoona, ndipo ine ndikanachita zomwezo. Pa mzere wowongoka palibe chifukwa chotsikira pang'onopang'ono. Yamikani, gwiritsa ntchito zimenezo, kenako uyerekeze ndi zomwe kodi yako yapeza. Zikafanana wadziwa kuti kodiyo ili bwino, ndipo tsiku lomwe udzafune mzere wokhota wopanda fomula udzaikhulupirira.

Yamikani: Ndiyesa mawa ku ofesi. Zikomo akulu.

Chisomo: Funso lachiwiri la asainimenti lili ndi fankishoni yomwe si ya masikweya okha, muli `exp` ndi `x*y`. Kupindika kukusintha malo ndi malo. Pamenepo 2 kugawa ndi 20 uja ndimupeza bwanji?

aMbewe: Sumupeza kamodzi n'kumugwiritsa ntchito ulendo wonse. Umalola sitepe iliyonse kudzisankhira alufa. Njira yotsikayi ndi yakale, Cauchy anailemba mu 1847, ndipo lamulo loyesera sitepe lomwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi la Armijo, la mu 1966. Umayamba ndi alufa yaikulu, tinene 1. Uyese kuponda. Ngati f siinatsike mokwanira, gawa alufa pakati, uyesenso kuchokera pomwe unali. Kutsika mokwanira ndi uku:

```
f(new) <= f(old) - c*alpha*(gx**2 + gy**2)
```

`c` amakonda kuika 0.0001. Tiyeni tiyese pa fankishoni yoyamba ija poti tikuidziwa. Tili pa `(10, 1)`, f ndi 110, giradiyenti ndi `(20, 20)`. Alufa 1 ikutiponya pa `(-10, -19)`, f ndi 3,710, takana. Theka likutiponya pa `(0, -9)`, f ndi 810, takana. 0.25 ikupereka `(5, -4)`, f ndi 185, idakali pamwamba pa 110. 0.125 ikupereka `(7.5, -1.5)`, f ndi 78.75, pomwe timangofuna isapitirire 109.99. Talandira.

Tadala: Dikirani achimwene. 0.125 ndi yoposa 0.1, ndipo munati kupitirira 0.1 ndi ngozi. Mwalandira bwanji?

aMbewe: Funso labwino. Malire a 0.1 ndi a alufa yomwe ukuibwereza osasintha. Pa sitepe imodzi iyi 0.125 yathandiza, chifukwa zomwe tapindula ku x zaposa zomwe tataya ku y. Koma ona sitepe yotsatira. Tili pa `(7.5, -1.5)`, giradiyenti ndi `(15, -30)`. 0.125 tsopano ikutifikitsa pa `(5.625, 2.25)`, f ndi 82.27, yakwera kuchoka pa 78.75, ndiye lamulo likuikana lokha. Tigawa pakati, 0.0625, tifika pa `(6.5625, 0.375)`, f ndi 44.47. Talandira. Zomwe zinamuchitikira Chisomo pa 0.12 sizingachitike, chifukwa sitepe yokweza f siloledwa. Mtengo wake ndi woti pa sitepe iliyonse ukuwerengera f kangapo. Pa zosadziwika ziwiri zimenezo si kanthu.

Chisomo: Ndamva. Nanga `1e-6` ija munaitenga kuti? Bwanji osati 0.001?

aMbewe: Ndinangoisankha, koma pa fankishoni yako tingathe kudziwa tanthauzo lake. Kupindika kochepetsetsa ndi 2, ndiye mtunda wotsala kuti ufike pa `(0, 0)` sungapose theka la kutalika kwa giradiyenti. Ukafuna yankho lolondola mpaka madesimo atatu, giradiyenti yochepera 0.001 yakwana. Yambira pa funso loti yankho ndikulifuna lolondola motani, osati pa kuchuluka kwa maziro. Chigwa chikakhala chosalala kwambiri, monga `x⁴` kufupi ndi 0, giradiyenti imachepa udakali kutali: pa x ya 0.05 giradiyenti ndi 0.0005 kale.

Yamikani: Komanso kwa ine f ili m'makwacha, manambala ake ndi mamiliyoni. `1e-6` ndingaifike ine?

aMbewe: Mwina ayi, ndipo palibe chifukwa. Ukasintha makwacha kukhala masauzande a makwacha, giradiyenti isintha kukula pomwe funso ndi lomwelo. Ine ndimaimitsa giradiyenti ikachepa kufika gawo limodzi pa miliyoni la yomwe ndinayamba nayo.

Tadala: Apa sindikugwirizana nanu kwenikweni. Ndikayambira kutali kwambiri giradiyenti yoyambayo ikhala yaikulu zedi, ndiye ndiima msanga ndisanafike. Ndikayambira pafupi ndi yankho ikhala yaing'ono, ndiye ndidzifunsa zosatheka. Lamulolo likudalira pomwe ndayambira, ngati mmene la Chisomo lija linkadalira alufa.

aMbewe: Sindikutsutsa, vuto limenelo lilipodi. Ena amaphatikiza ziwirizo, nambala yokhazikika kuonjezerapo gawo la giradiyenti yoyamba. Ine pa ntchito zanga poyambira pamakhala pa nzeru kale, ndiye sizinandivutepo. Koma pa data ya Yamikani, atasintha miyezo, mwina nambala yokhazikika ingakhale bwino. Zimenezo aone yekha akayesa.

Tadala: Ine ndikhalabe ndi yokhazikika, koma ndizisindikiza giradiyenti yomaliza kuti woona aweruze yekha.

Mayi Nyirenda: Ndifunseko chimodzi, poti ndayamba kutsatira. Kusukulu timaphunzitsa kuti malo amene giradiyenti ndi 0 angakhale pansi kapena pamwamba. Kodi yanuyo ikaima imadziwa bwanji kuti ndi pansi?

aMbewe: Siidziwa, Madamu. Pamwamba penipeni siimakonda kukathera poti imangotsika, koma pa zosadziwika ziwiri pali malo achitatu, otsika mbali ina n'kukwera mbali ina. Tengani `x² - y²` muyambire pa `(3, 0)`. y ikhala 0 mpaka kalekale chifukwa giradiyenti yake ndi 0, x itsika kufika pa 0, kodi n'kuima mosangalala pa `(0, 0)`. Koma mukasuntha y pang'ono f ikutsikabe. Pa fankishoni yoyamba ya Chisomo izi sizingachitike, chigwa chake n'chimodzi. Pa yachiwiri ija ya `exp` ndi `x*y` zingathe. Chisomo, uyambire malo atatu kapena anayi osiyana, osati pa mzere wa `y = 0` okha, uone ngati onse akuthera pamodzi. Pomwe yaimapo uwerengenso maderivetivu achiwiri: `fxx` ikhale yoposa 0, ndipo `fxx*fyy - fxy**2` ikhalenso yoposa 0.

Chisomo: Chabwino. Mu lipoti ndiika tebulo la 0.12, 0.1, 0.09, `1/11`, 0.05 ndi 0.001, lililonse ndi masitepe ake, giradiyenti yomaliza ndi chifukwa chomwe yaimira. Ya 0.001 ndaiyendetsanso ndi lamulo latsopano, yatenga masitepe opitirira 8,000. Funso lachiwiri ndilemba usiku uno ndi kugawa pakati kuja. aMbewe, pa sitepe yatsopano iliyonse ndiziyambiranso pa alufa 1, kapena pa yomwe inalandiridwa komaliza?

aMbewe: Yambiranso pa 1 poti fankishoni yako ndi yotchipa kuwerengera. Ukamangopitiriza ndi yomalizayo, alufa izingochepa osakweranso, ubwerera ku vuto la kukwawa lija. Ukafuna kusunga nthawi, yambira pa yomalizayo kuchulukitsa ndi 2. Utumize fankishoniyo pano ukayamba, tione ngati ili ndi chigwa chimodzi.